Den kapena dem? Kugwira cholakwa chotsatira mperekezi m'Chijeremani

Munthu amene wangoyamba kuphunzira Chijeremani akaima pa siteji n'kulembera mnzake uthenga woti *Ich warte auf dem Bus*, amakhala atanena kuti akudikira ali pamwamba pa basi, padenga penipeni. Chimene amafuna kunena ndi *Ich warte auf den Bus*, kutanthauza kuti ndikudikira basi. Ziganizo ziwirizi zasiyana chilembo chimodzi chokha, *m* ndi *n*, koma chilembo chimenecho chanyamula tanthauzo lonse. Mjeremani angamve ndithu zimene wolembayo akufuna, chifukwa anthu sadikirira basi padenga. Komabe pa mayeso, m'kalata yofunsira ntchito kapena m'lipoti la kuchipatala, cholakwa chotere chimaonekera msanga kuposa china chilichonse.

Ophunzira ambiri amaganiza kuti *den* ndi *dem* n'zongolota, kuti munthu amangozolowera pakapita zaka. Sizili choncho. Pali njira yoyendera chiganizo mwadongosolo mpaka cholakwa chitadziulula chokha, ndipo amene amayankhula Chichewa ali kale ndi zina mwa zida zofunika pa ntchitoyi.

Chimene chimasintha n'chiyani?

M'Chijeremani dzina lililonse limayenda ndi kamawu kolitsogolera. Mayina ena amatenga *der*, monga *der Tisch*, tebulo; ena *die*, monga *die Schule*, sukulu; ena *das*, monga *das Haus*, nyumba. Magulu atatuwa amatchedwa lachimuna, lachikazi ndi lapakati, ngakhale tebulo silili ndi umuna uliwonse. Ndi magulu a mayina basi, monga momwe ife tilili ndi gulu la *mu-* ndi *a-* kapena la *chi-* ndi *zi-*. Mayina ochuluka onse, kaya achokera m'gulu liti, amatenga *die*.

Kamawu kotsogolera dzinaka sikakhala chimodzimodzi nthawi zonse. Kamasintha malinga ndi kaimidwe ka dzinalo m'chiganizo. Makaimidwe alipo anayi: nominativi, akuzativi, dativi ndi genitivi. Nominativi ndi kaimidwe ka mwininkhani, ndipo ndi mmene dzina limalembedwera m'dikishonale. Mperekezi akangobwera kutsogolo kwa dzina, amalichotsa mu nominativi n'kulilowetsa m'kaimidwe kena. Pa nkhani za tsiku ndi tsiku, makaimidwe amene amalimbirana malo ndi awiri: akuzativi ndi dativi.

Akuzativi ndi wosavuta. Gulu lachimuna lokha ndilo limasintha, *der* kukhala *den*. *Die* ndi *das* amakhala momwemo. Dativi ndiye amasintha zonse. *Der* ndi *das* amasanduka *dem*, *die* wachikazi amasanduka *der*, ndipo *die* wa mayina ochuluka amasanduka *den*, dzinalo n'kuwonjezera *-n* kumapeto, monga *die Kinder*, ana, kukhala *den Kindern*. Mathero omwewa amapezekanso pa *ein* ndi pa mawu a umwini: *einen* ndi *meinen* mu akuzativi wachimuna, *einem* ndi *meinem* mu dativi wachimuna ndi wapakati, *einer* ndi *meiner* mu dativi wachikazi.

Mwaona msampha umene uli apa. Mawu akuti *der* ali ndi ntchito zingapo, *den* nayenso chimodzimodzi. Amene anaphunzira kuti *der* ndi wachimuna amadabwa akaona *in der Schule*, poti sukulu ndi dzina lachikazi. Palibe cholakwa pamenepo: *der* ameneyo ndi dativi wachikazi. Choncho kamawu kotsogolera dzina pakokha sikangakuuzeni ngati chiganizo chili bwino. Muyenera kukawerenga pamodzi ndi mperekezi amene ali kumanzere kwake ndi dzina limene lili kumanja.

Aperekezi osasintha maganizo

Gulu loyamba la aperekezi limafuna akuzativi nthawi zonse. Odziwika kwambiri ndi asanu: *durch*, kudzera, *für*, cha wakuti, *gegen*, kutsutsana ndi, *ohne*, popanda, ndi *um*, kuzungulira. Gulu lachiwiri limafuna dativi nthawi zonse. Ofunika kuwadziwa msanga ndi asanu ndi awiri: *aus*, *bei*, *mit*, *nach*, *seit*, *von* ndi *zu*. Pa aperekezi khumi ndi awiriwa palibe choganizira. Tanthauzo la chiganizo silisintha kanthu, kaya munthu akuyenda, kaya wakhala pansi.

Apa ndi pamene cholakwa chimagwidwa ndi maso okha. Popeza dativi alibe *die* kapena *das*, mukaona *mit die*, *zu die* kapena *von das* patsogolo pa dzina, mwagwira cholakwa musanawerenge n'komwe mawu otsatira. Popeza akuzativi alibe *dem* kapena *der*, *für dem* ndi *durch der* nazonso n'zolakwa pompo. Chimene chimafuna kuyang'ana kawiri ndi *mit den*. Mawuwa ndi olondola ngati dzina lili lochuluka, ndipo dzina lochuluka mu dativi limathera ndi *-n*, kupatula aja amene kuchuluka kwawo kumathera ndi *-s*, monga *mit den Autos*. Ndiye *mit den Freunden* ali bwino, koma *mit den Freund* ndi wolakwa: mwina wolemba amafuna *mit dem Freund*, ndi mnzake mmodzi, kapena *mit den Freunden*, ndi anzake angapo.

Aperekezi asanu ndi anayi a mbali ziwiri

Vuto lenileni lili pa gulu lachitatu: *an*, *auf*, *hinter*, *in*, *neben*, *über*, *unter*, *vor* ndi *zwischen*. Onsewa amanena za malo: pambali pokhudza, pamwamba, kumbuyo, m'kati, pambali, m'mwamba, pansi, kutsogolo ndi pakati. Aliyense wa iwo amatha kutenga akuzativi kapena dativi, ndipo chosankha ndi tanthauzo.

M'makalasi ambiri lamulo limaperekedwa mwachidule kuti pakakhala kuyenda, ikani akuzativi. Pakakhala kukhazikika, ikani dativi. Lamulo limeneli lasocheretsa anthu ambiri. Taonani ziganizo izi: *Das Kind läuft in den Garten* ndi *Das Kind läuft im Garten*. M'ziganizo zonse ziwiri mwana akuthamanga, miyendo ikugwira ntchito. Koma m'choyamba, cha akuzativi, mwanayo anali kunja ndipo akulowa m'dimba. M'chachiwiri, cha dativi, ali kale m'dimba ndipo akuthamanga momwemo. Funso loyenera si lakuti kodi pali kuyenda, koma lakuti kodi malo otchulidwawo ndi kumene chinthu chikukathera, kapena ndi pamene nkhani yonse ikuchitikira. Ajeremani amafunsa ndi mawu awiri: *wohin*, kulowera kuti, amene yankho lake ndi akuzativi, ndi *wo*, pati, amene yankho lake ndi dativi.

Woyankhula Chichewa amasiyanitsa kale zimenezi, kungoti amazisiyanitsira pamalo ena. Tikati mwana akuthamanga m'nyumba, tikutanthauza kuti ali momwemo. Tikati mwana wathamangira m'nyumba, khutu limamva kuti anali panja ndipo walowa. Mawu akuti m'nyumba sanasinthe. Chasintha ndi mneni. Ichi n'chifukwa chake timaphonya m'Chijeremani. Kwathu *ku-*, *pa-* ndi *mu-* amakhala chimodzimodzi, kaya tikuti ndili kusukulu kapena ndikupita kusukulu, ndiye dzanja limafuna kulemba mawu amodzimodzi kawiri konse. Mjeremani amati *Ich bin in der Schule* koma *Ich gehe in die Schule*. Chimene ife timachiika pa mneni, iye amachiika pa kamawu kotsogolera dzina.

Pali aneni awiriawiri amene amathandiza kwambiri, ndipo amagwirizana bwino ndi athu. *Stellen* ndi kuimika, *stehen* ndi kuima. *Legen* ndi kugoneka, *liegen* ndi kugona. *Setzen* ndi kukhazika, *sitzen* ndi kukhala. Woyamba wa awiri aliwonse amapititsa chinthu pamalo atsopano, choncho amayenda ndi akuzativi: *Ich lege das Buch auf den Tisch*, ndikugoneka buku patebulo. Wachiwiri amanena pamene chinthu chili, choncho amayenda ndi dativi: *Das Buch liegt auf dem Tisch*, buku lagona patebulo. Mukaona *liegt*, *steht* kapena *sitzt* akutsatiridwa ndi *auf den* kapena *in den* pa dzina limodzi, imani pomwepo, chifukwa pali cholakwa.

Lamulo la *wo* ndi *wohin* limagwira pa aperekezi asanu ndi anayiwa basi. *Zu* ndi *nach* amanena za kupita kwinakwake, koma ali m'gulu la dativi ndipo sachokamo. *Ich gehe zum Arzt*, ndikupita kwa dokotala, ndi ulendo weniweni, komabe *zum* ndi *zu dem*. Wophunzira amene waloweza bwino kuti kulowera kwinakwake kumafuna akuzativi ndi amene amalemba *zu den Arzt*, chifukwa watengera lamulo labwino kumene silifika.

Mawu ofupikitsidwa nawo amafunika kuwatambasula. *Im* ndi *in dem*, *am* ndi *an dem*, *zur* ndi *zu der*, ndipo onsewa ndi dativi. *Ins* ndi *in das*, *ans* ndi *an das*, ndipo awa ndi akuzativi. Amene walemba *Ich gehe im Kino* pofuna kunena kuti akupita kukaonera kanema wanena kuti akuyendayenda m'kati mwa holo ya kanema. Anayenera kulemba *ins Kino*. Kutambasula *im* kumathandizanso kugwira cholakwa cha gulu: *im Schule* sangatheke, chifukwa *dem* sayenda ndi dzina lachikazi.

Pamene malo palibe

Aperekezi a mbali ziwiri amagwiranso ntchito m'ziganizo zimene sizinena za malo, ndipo pamenepo kufunsa *wo* kapena *wohin* sikuthandiza. Pa nthawi, *an*, *in* ndi *vor* akamayankha funso lakuti liti, amatenga dativi: *am Montag*, Lolemba, *in einer Stunde*, pakatha ola limodzi, *vor einem Jahr*, chaka chimodzi chapitacho.

Palinso aneni amene anamangirirana ndi mperekezi wawo, ndipo kaimidwe kake kanakhazikika kale. *Warten auf*, kudikira, amatenga akuzativi. *Denken an*, kuganizira, amatenganso akuzativi. Koma *teilnehmen an*, kutenga nawo mbali, amatenga dativi, ngakhale mperekezi ndi *an* yemweyo. *Angst haben vor*, kuopa, amatenga dativi. Izi sizingapezedwe poganiza. Zimaphunziridwa pamodzi ndi mneniyo, ndipo dikishonale yabwino imalemba kaimidwe kake pambali. Chothandiza n'chakuti pa aneni otere *über* amatenga akuzativi pafupifupi nthawi zonse, *auf* amatenga akuzativi kawirikawiri, *vor* amatenga dativi, ndipo *an* ndiye wofunika kumusamala chifukwa amapezeka mbali zonse.

Tiyese pa uthenga umodzi

Tiyerekeze kuti wophunzira wina wasamukira ku Jeremani ndipo walembera mnzake mizere isanu iyi:

*Ich wohne seit ein Monat in eine kleine Wohnung.*
*Jeden Morgen fahre ich mit den Bus zu die Arbeit.*
*Am Samstag gehe ich mit meine Kinder auf dem Markt.*
*Das Geschenk für meinem Bruder liegt auf den Tisch.*
*Ich denke oft an dir.*

Njira yake ndi kudula mzere pansi pa mperekezi aliyense, kenako kufunsa mafunso atatu motsatana. Mperekeziyu ndi wa gulu liti, ndipo akufuna kaimidwe kanji pano? Dzinalo ndi la gulu liti, ndipo ndi limodzi kapena lochuluka? Mathero amene alembedwa akugwirizana ndi mayankho awiriwo?

Mzere woyamba ukunena kuti ndakhala mwezi umodzi m'nyumba yaing'ono. *Seit* ndi wa dativi nthawi zonse, *Monat* ndi dzina lachimuna, ndiye payenera kukhala *seit einem Monat*. *In* ndi wa mbali ziwiri, ndipo *wohnen*, kukhala pamalo, akuyankha funso la *wo*, choncho ndi dativi. *Wohnung* ndi dzina lachikazi, monga mayina onse othera ndi kachidutswa ka *-ung*, ndiye *eine* asanduke *einer*. Mfotokozi nayenso asaiwalike: mu dativi, mfotokozi amene watsogoleredwa ndi *dem*, *der*, *einem* kapena *einer* amathera ndi *-en* nthawi zonse. Mawu olondola ndi *in einer kleinen Wohnung*.

Mzere wachiwiri ukunena za kupita kuntchito pa basi m'mawa uliwonse. *Mit den* akufuna dzina lochuluka lothera ndi *-n*, koma *Bus* ndi limodzi. Tilembe *mit dem Bus*. *Zu die* ndi mmodzi wa mawu osatheka aja; *Arbeit* ndi dzina lachikazi, dativi wake ndi *der*, ndipo *zu der* amafupikitsidwa kukhala *zur Arbeit*.

Mzere wachitatu uli ndi aperekezi atatu. *Am Samstag* ali bwino, ndi nthawi mu dativi. *Mit meine Kinder* ali ndi zolakwa ziwiri pamalo amodzi: mawu a umwini akhale *meinen*, ndipo dzina lilandire *-n*, tipeze *mit meinen Kindern*. Ambiri amakonza choyamba n'kuiwala chachiwiri. *Auf dem Markt* ndiye wovuta koposa mu uthenga wonse, chifukwa pongomuyang'ana alibe chilema: mperekezi, mathero ndi dzina zikugwirizana. Chomutsutsa ndi tanthauzo lokha. Wolembayo akunena za kupita kumsika Loweruka, ndiye msika ndi kumene ulendo ukukathera, ndipo payenera kukhala *auf den Markt*. Akanakhala akunena zoti akagula tomato kumsikako, *auf dem Markt* akanakhala wolondola.

Mzere wachinayi ukunena kuti mphatso ya mchimwene wanga ili patebulo, ndipo wolemba wasinthanitsa mathero awiri. *Für* amafuna akuzativi, ndiye *für meinen Bruder*. *Liegt* ndi kugona, osati kugoneka, ndiye *auf dem Tisch*.

Mzere wachisanu mulibe dzina, muli mlowam'malo. Alowam'malo nawonso amasintha: *mich*, *dich* ndi *ihn* ndi akuzativi, *mir*, *dir* ndi *ihm* ndi dativi. *Denken an* amafuna akuzativi, choncho ndimakuganizira kawirikawiri ndi *Ich denke oft an dich*.

Mu uthengawu munali malo asanu ndi anayi olakwika. Asanu anatsatira aperekezi osasintha, ndipo akanagwidwa ndi munthu amene wangoloweza mndandanda wa aperekezi khumi ndi awiri aja. Atatu anafuna funso la *wo* kapena *wohin*. Amodzi okha ndi amene anafuna kudziwa mneni ndi mperekezi wake.

Malire a njirayi

Funso lachiwiri, la gulu la dzina, ndilo maziko a zonse. Amene akuganiza kuti *Monat* ndi dzina lachikazi adzalemba *seit einer Monat*. Dativi wamusankha bwino, koma wamuika pa gulu lolakwika, ndipo wowerenga adzaona ngati kaimidwe ndi kamene kalakwika. N'chifukwa chake dzina la Chijeremani siliphunziridwa lokha: m'kope mulembedwe *der Monat*, osati *Monat* chabe, ndipo pambali pake palembedwe kuchuluka kwake.

Pali kagulu ka mayina achimuna kamene kamawonjezera *-n* kapena *-en* ngakhale dzina lili limodzi, likangochoka mu nominativi. *Der Student*, *der Kollege* ndi *der Herr* ali m'kagulu kameneka. *Mit dem Kollegen* ndi mnzanga mmodzi wa kuntchito, *mit den Kollegen* ndi anzanga angapo. Pano *-n* wa kumapeto sakuuzani kanthu, ndipo chiwerengero chonse chagona pa *dem* ndi *den*. Izi ndi zomwe zimachititsa kuti pa envulopu ya kalata yopita kwa bambo palembedwe *Herrn*, osati *Herr*.

Khutu nalo lili ndi malire. Ajeremani akamayankhula mofulumira, *den* ndi *dem*, *einen* ndi *einem*, zimamveka pafupifupi mofanana, ndipo amene amaphunzira pomvera pokha amatha zaka osazindikira kuti ndi mawu awiri. Eni chiyankhulo nawonso satsata buku nthawi zonse. Chiyankhulo cha mumzinda wa Berlin chimadziwika ndi kunena *mir* pamene buku likufuna *mich*. Aperekezi a genitivi monga *wegen*, chifukwa cha, ndi *während*, pa nthawi ya, amamveka ndi dativi m'macheza ambiri: buku limati *wegen des Regens*, chifukwa cha mvula, koma pamsewu mudzamva *wegen dem Regen*. Mchitidwe umenewu ndi umene unapereka mutu wa buku lotchuka la Bastian Sick la mu 2004, *Der Dativ ist dem Genitiv sein Tod*. Polemba kalata ya ku ofesi kapena mayeso, genitivi ndiye wotetezeka.

Amene adzaphunzire Chirasha adzakumana ndi nkhani yomweyi itavala mosiyana. Chirasha chili ndi makaimidwe asanu ndi limodzi ndipo chilibe timawu totsogolera dzina, choncho kusintha kumagwera pa dzina lenilenilo. Kupita kusukulu ndi *v shkolu*, kukhala kusukulu ndi *v shkole*. Mperekezi ndi mmodzi, funso ndi lomwe lija la kulowera kuti kapena pati, ndipo mafunso atatu aja amagwiranso ntchito.

Kwa wophunzira Chijeremani, dongosolo la ntchito likhale lotere. Ayambe waloweza aperekezi asanu a akuzativi ndi asanu ndi awiri a dativi, chifukwa ndiwo amachotsa zolakwa zambiri ndi khama lochepa. Akamaliza kulemba chilichonse, achiwerengenso kamodzi osasamala nkhani yake, akungoima pa mperekezi aliyense. Pa asanu ndi anayi a mbali ziwiri adzifunse m'Chichewa ngati chinthucho chikugonekedwa kapena chagona, ngati munthuyo akuthamangira kapena akuthamanga. Ndipo mneni watsopano akabwera ndi mperekezi wake, amulembe m'chiganizo chathunthu chokhala ndi dzina lachimuna limodzi, chifukwa pa gulu limeneli nominativi, akuzativi ndi dativi zonse zimaoneka mosiyana: *der*, *den*, *dem*.